Kalata yothokoza mukachoka pa intavyu: mmene mungailembere osaoneka ngati mukupempha chifundo

Mwana wa achemwali anga anandipeza kwathu ku Matawale madzulo a Lachiwiri, akadali m'zovala za ku intavyu, nsapato zili fumbi lokhalokha. Sanadikire n'komwe kuti ndimupatse mpando. "Amalume, funso limodzi ndalilakwa, ndipo yankho lake ndalikumbukira ndili kale pa kabaza." Ntchito imene anakayesera inali yoyang'anira achinyamata asanu ndi mmodzi otolera mayankho a kafukufuku m'midzi ya asodzi ndi alimi a mpunga cha ku Jali mpaka ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Bungwe lake sindilitchula. Ndinamuuza kuti avule nsapatozo, atenge kope ndi cholembera, chifukwa panali chinthu chimodzi chimene akanathabe kuchita tsiku lisanathe.

Ineyo ndakhalapo kangapo kumbali ya ofunsa mafunso, choncho ndiyambe ndi kunena zimene kalata imeneyi siingachite. M'mabungwe ambiri wofunsa aliyense amakhala ndi pepala la malikisi, ndipo amalemba malikisi anu inu mutangotuluka, wotsatira asanalowe. Pofika madzulo amaphatikiza, n'kusayinira. Kalata yanu siidzafufuta manambala amenewo. Imagwira ntchito pamalo atatu okha. Pamene anthu awiri afanana malikisi ndipo ofunsa akukambiranabe, pamene woyamba wakana ntchitoyo ndipo akuyang'ana wachiwiri, ndiponso pamene patapita miyezi patuluka ntchito ina yaifupi, mkulu n'kufunsa anzake kuti, "Mtsikana uja anayankha bwino za ku Chilwa uja ndani?" Malo achitatuwa ndi amene amachitika kawirikawiri kuno ku Zomba. Mzindawu ndi waung'ono. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma Yunivesite ya Malawi, ofesi ya boma yoona za kalembera ndi chiwerengero, bungwe la mayeso la MANEB ndi mabungwe angapo ochita kafukufuku zili konkuno, ndipo ntchito zambiri zimene zimatuluka ndi za miyezi yowerengeka. Amene wakufunsani lero mudzamupezanso pa tebulo lina chaka chamawa, mwinanso mawa lomwe pamsika akugula matemba.

Lembani zimene mwamva mutu usanazizire

Ntchito ya kalatayi imayamba musanafike kunyumba. Mukangotuluka pageti, pezani pokhala, ngakhale pansi pa mtengo, mulembe zinthu zitatu: mayina ndi maudindo a amene anakufunsani, vuto limene iwo analibwereza kapena kulinena ndi mawu olemera, ndi tsiku limene anati adzakuyankhani. Mukadikira mpaka mawa mudzakumbukira mantha anu okha, zonena zawo zitauluka.

Mwana wa achemwaliyu sanalembe, ndiye tinachita kukumba. Ofunsa anali atatu: mayi woona za olembedwa ntchito, amenenso anamutumizira imelo yomuitana, bambo woyendetsa pulojekiti, ndi mnyamata woona za manambala ndi malipoti. Dzina la mayiyo linali pa imelo. La bamboyo analikumbukira. La mnyamatayo analimva mwatheka. Ndinamuuza kuti dzina lomva mwatheka asalilembe. Kulemba Mbewe pamene munthu ndi Mbawa, kapena kumutcha munthu Bambo pamene onse amamutcha Dokotala, kumapweteka kuposa kusamutchula. Pamenepo mumangolemba kuti "inu ndi anzanu amene munandifunsa", basi.

Kenako ndinamufunsa kuti, "Chimene chinkawadetsa nkhawa n'chiyani?" Anayamba kundiuza za satifiketi yake. Ndinamudula. "Ayi mwanawe, osati zako. Zawo." Anaganiza pang'ono n'kunena kuti bambo wa pulojekiti uja ananena kawiri kuti ulendo wapita mafomu ankafika mochedwa chifukwa kumadera ena a kunyanja netiweki imavuta ndipo matabuleti ankatha moto masana. Ndiye mnyamata wa manambala uja anafunsa kuti angadziwe bwanji ngati wotolera mayankho wangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kudzaza yekha mafomu osalowa m'nyumba ya munthu. Funso limeneli ndi limene analilakwa. Anayankha kuti angawalangize anzakewo kuti azikhala okhulupirika. Yankho lotero si labodza, koma lilibe kanthu m'kati.

Nkhawa ziwirizi ndizo zinakhala mtima wa kalata yonse.

Yambani mwaona ngati malowo amalola

Apa ndichedwepo, chifukwa kwathu kuno mawu oti "kuthokoza" ali ndi nkhope ziwiri. Munthu akati "tidzakuthokozani", ambiri amamva kangachepe. Wofunsa woopa mbiri yake akangoona uthenga wochoka kwa munthu amene akudikira zotsatira, mtima umayamba wagunda: kodi ameneyu akufuna chiyani? Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 ndiponso bungwe la ACB, ndipo palibe wantchito wanzeru amene amafuna kuti dzina lake limveke pa nkhani yolemba anthu ntchito mokondera. Choncho kalata yanu iyenera kukhala yoti wolandirayo akhoza kuisindikiza n'kuiika m'failo, abwana ake n'kuiwerenga, iye osachita manyazi.

Werenganinso chilengezo cha ntchitoyo. Zilengezo zina zimanena poyera kuti aliyense wonyengerera kapena kufunafuna njira zapambali adzachotsedwa pa mndandanda. Mukaona mawu amenewo, musalembere wofunsa aliyense payekha. Ngati mulemba, lemberani ofesi yokha, mizere itatu yothokoza, osaonjeza mfundo zodzigulitsa. Chimodzimodzi ntchito za boma zimene zimadutsa ku makomishoni olemba anthu ntchito, monga za aphunzitsi kapena za azaumoyo: kumeneko ofunsidwa amakhala ambirimbiri, malikisi amatsekedwa mwa dongosolo, ndipo kusaka nambala ya mmodzi wa ofunsa n'kudziika pa moto. Ine ndimalangiza kuti kumeneko musalembe n'komwe. Kalata imene ndikunena pano ndi ya mabungwe omwe si aboma, mapulojekiti a kafukufuku, makampani, sukulu ndi zipatala zomwe si zaboma, mahotela, malo amene ofunsidwa anali ochepa ndipo wokufunsaniyo ndi amene mudzagwire naye ntchito.

Ndipo kalatayo ipite yokha. Osaphatikiza mayunitsi, osatumiza ya fanta pa Mpamba kapena Airtel Money, osasiya thumba la mpunga wa ku Chilwa kwa alonda. Ngakhale mtima wanu uli woyera, mphatso pa nthawi imeneyi imaipitsa zonse.

Kwa yani, pa njira iti, nthawi yanji

Njira yabwino ndi imene iwo anakuitanirani. Ngati anakutumizirani imelo, yankhani pa imelo yomweyo, kuti wolandira aone pansi pake kuti ndinu yani ndipo nkhani yake ndi iti. Dinani Reply, osati Reply All. Nthawi zina ofesi imaitana ofunsidwa onse pa imelo imodzi, ndipo mukadina molakwika, kalata yanu imakafika kwa onse amene mukupikisana nawo. Musanatumize, yang'anani pa To ndi pa Cc muone mayina amene alipo.

Mwana wa achemwaliyu ankafuna kulembera bambo wa pulojekiti pa WhatsApp, poti mnzake wina anali ndi nambala yawo. Ndinakana. Nambala imene munthu sanakupatseni yekha si yanu. Funso loyamba limene angadzifunse ndi lakuti mwaipeza kuti, ndipo zabwino zonse zimene mwalemba zidzabwera pambuyo pa funso limenelo. Ngati bungwelo linakuitanani pa WhatsApp pa nambala ya ofesi, pamenepo mukhoza kuyankha pomwepo, koma mwa mawu athunthu, popanda tizithunzi ta manja opemphera, popanda uthenga wa mawu. Kuflasha ndiye ayi ndithu.

Pali malo ena, monga sukulu ya mishoni kapena kampani yaing'ono, kumene zonse zimayenda pa pepala. Kumeneko tayipani tsamba limodzi, musayine ndi cholembera cha buluu kapena chakuda, muike mu envulopu, mukapereke nokha pa ofesi yolandirira alendo. Musapemphe kuonana ndi abwana. Perekani, thokozani, bwererani. Ya pa positi ikhoza kufika chisankho chitapangidwa kale.

Nthawi yake ndi tsiku lomwelo madzulo kapena m'mawa mwake, maola 24 asanathe. Ine ndimakonda kuti munthu alembe madzulo, agone, awerengenso m'mawa, atumize cha m'ma 8 koloko ofesi ikamatsegulidwa. Imelo ya pakati pa usiku imaonetsa munthu wosagona ndi nkhawa. Ngati intavyu inali Lachisanu masana, tumizani tsiku lomwelo asanaweruke, chifukwa pofika Lolemba mwina lipoti lapita kale kwa abwana. Poti magetsi sapangana, tchajani foni ndi kugula bandulo usiku womwewo.

Chilankhulo chikhale chimene munafunsidwira. Intavyu zambiri za m'maofesi zimachitika m'Chingerezi, ndipo kalatanso ikhale ya Chingerezi chosavuta, chimene mungathe kuchilankhula ndi pakamwa panu. Ya mwana wa achemwaliyu inapita m'Chingerezi. M'munsimu ndaiika m'Chichewa kuti tione bwino mafupa ake.

Kalata imene tinang'amba

Ndinamusiya alembe yekha kaye. Anadzaza tsamba ndi theka. Anayamba ndi kuthokoza Mulungu, kenako kuthokoza bungwelo chifukwa cha ntchito yaikulu imene likugwira potukula dziko. Ndime yachiwiri inabwereza sivi yonse kuyambira MSCE. Yachitatu inanena kuti wakhala zaka ziwiri osagwira ntchito, mayi ake akudwaladwala, azing'ono ake awiri akufunika fizi, choncho akupempha kuti amuganizire. Anamaliza ndi kufunsa kuti malipiro ake ndi angati.

Zonsezo zinali zoona, ndipo pamene ndinkawerenga za achemwali anga mtima unandiwawa, chifukwa ndikudziwa mmene zinthu zilili pakhomo paja. Koma ndinamuuza chilungamo. Wofunsa sangalembe mu lipoti lake kuti tasankha uyu chifukwa kwawo kuli mavuto. Onse amene anabwera tsiku limenelo ali ndi mavuto. Kalata yodandaula imamuika wolandira pamalo ovuta, ndipo munthu ukamuika pamalo ovuta amakuthawa. Sivi ali nayo kale. Zoyamikira bungwe amazimva tsiku lililonse. Za malipiro zimakambidwa akakupatsani ntchito, osati pamene mukudikira. Titachotsa zonsezo panatsala mzere umodzi wokha, wothokoza. Tinayambira pamenepo.

Mafupa anayi a kalatayi

Loyamba ndi kuthokoza kokhala ndi tsiku ndi dzina la ntchito. Ofesi imodzi ikhoza kukhala ikufunsa anthu a ntchito zitatu sabata yomweyo, ndiye musamupatse wolandira ntchito yofufuza kuti ndinu uti. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri zakwana.

Lachiwiri ndi limene limalemera, ndipo ambiri amaliphonya. Kunena kuti ndinu woyenera ntchitoyo sikutanthauza kudzitchula kuti ndinu wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kugwira ntchito ndi anzanu. Mawu amenewo aliyense amawalemba, ndipo sangatsimikizidwe. Chimene mumachita ndi kutenga vuto limene iwo eni ananena, n'kuika pambali pake chinthu chimodzi chimene inu munachitapo ndi manja anu, chokhala ndi malo, nthawi ndi kukula kwake. Vuto lawo liyambe, umboni wanu utsatire. Mukatero wowerenga amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti munkamvetsera, ndiponso kuti ntchitoyo mukuidziwa.

Ndinamufunsa mwanayu ngati anakumanapo ndi vuto la netiweki ndi moto. Anaseka, n'kunena kuti pa kafukufuku wina wa miyezi itatu ku Chingale ndiye unali moyo wa tsiku ndi tsiku. Ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa tabuleti yotchedwa KoboCollect, imene imalola kudzaza ndi kusunga mafomu popanda netiweki, n'kuwatumiza pambuyo. Gulu lawo linagwirizana kuti masana matabuleti azikhala otseka data ndi ochepetsa kuwala kuti moto ukhalitse, ndipo madzulo alionse azikumana pamalo amodzi pamene netiweki imagwira, iye aone fomu iliyonse isanatumizidwe. "Nanga bwanji sunawauze zimenezi?" Anati sanamufunse mwachindunji. N'chifukwa chake kalatayi ilipo.

Chenjezo pano ndi lakuti musatulutse luso latsopano limene mulibe mu sivi ndipo simunalitchule pa intavyu. Ngati dzulo simunanene kuti mumayendetsa njinga yamoto, lero n'kulemba kuti ndinu katswiri, wowerenga amayamba kukayika zonse. Ntchito ya ku Chingale inali kale mu sivi yake, ndipo amene ankamuyang'anira kumeneko anali mmodzi wa anthu omuchitira umboni. Kalatayo inangotsegula chimene chinali chotsekeka mu mzere umodzi.

Lachitatu ndi kukonza yankho lolakwika, ngati lilipo, ndipo likhale limodzi lokha. Apa pamafunika dzanja lopepuka. Musalembe kuti munachita mantha, munasokonezeka, pepani kwambiri. Mukatero mukuwakumbutsa kufooka kwanu, mwinanso iwo sanakuone kukula mmene inu mukuganizira. Ingonenani kuti funso lakuti-lakuti mwaliganiziranso ndipo mukufuna kuonjezapo. Kenako perekani yankholo mwachidule, looneka kuti likuchokera ku ntchito.

Yankho limene analikumbukira pa kabaza linali labwino ndithu. Fomu ya pa tabuleti ikhoza kusunga nthawi imene yayambidwa ndi imene yatsirizidwa, ndiponso malo amene munthu anaima podzaza. Ngati mafunso amatenga pafupifupi mphindi 40 koma wina akumaliza m'mphindi 12, pali nkhani. Ngati nyumba zisanu zosiyana zikuoneka pa malo amodzimodzi, pali nkhani. Ndipo woyang'anira amabwerera yekha ku nyumba zina, monga imodzi pa khumi zilizonse, n'kufunsanso mafunso ochepa osasintha msanga, monga chiwerengero cha anthu a pakhomopo kapena mtundu wa denga, kuti aone ngati zikugwirizana. Zimenezi anazichitapo. Zinangothawa m'mutu pamene anthu atatu ankamuyang'ana.

Ngati palibe funso limene munalakwa, fupa limeneli lisiyeni. Musachite kufunafuna cholakwa kuti kalata italike.

Lachinayi ndi kusiya khomo lotsegula. Pali ziganizo ziwiri. China chimanena kuti ntchitoyo mukuifunabe ndipo mwamva tsiku limene anati adzayankha. Chinacho chimanena kuti kaya zotsatira zikhala zotani, mungakonde kuti akukumbukireni pa ntchito zina za mtundu umenewu. Chiganizo chachiwirichi anthu amachiopa, amati chikuonetsa ngati wagonja kale. Ine ndimachiona mosiyana. Chimamumasula wolandira, chifukwa akuona kuti simudzakhala mdani akakukanani, ndipo chimamupatsa chilolezo chosunga sivi yanu ndi kukuimbirani mtsogolo.

Kalata imene inapita

Pa mutu wa imelo tinasiya mawu a iwo eni, n'kuonjeza kutsogolo kuti ndi kuthokoza, ndi dzina lake lonse. M'kati munali izi:

Okondedwa Mayi Uje,

Zikomo chifukwa cha mpata umene inu ndi anzanu awiri munandipatsa dzulo Lachiwiri wokambirana za ntchito ya woyang'anira otolera mayankho m'dera la nyanja ya Chilwa.

Bambo Uje ananena kuti ulendo wapita mafomu ankachedwa chifukwa cha netiweki ndi kutha kwa moto m'matabuleti. Vuto lomweli ndinakumana nalo pa kafukufuku wa miyezi itatu ku Chingale, amene ali mu sivi yanga. Tinkadzaza mafomu popanda netiweki, ndipo madzulo alionse tinkakumana pamalo amodzi, ine n'kuona fomu iliyonse isanatumizidwe. Ndi dongosolo limeneli mafomu ambiri ankapita tsiku lomwelo.

Ndaganiziranso funso la mmene ndingadziwire mafomu odzazidwa popanda kufunsa munthu, ndipo ndikufuna kuonjezapo. Ndimayang'ana nthawi imene fomu yatenga ndi malo amene yadzazidwira, komanso ndimabwerera ndekha ku nyumba imodzi pa khumi zilizonse kukafunsanso mafunso ochepa.

Ntchitoyi ndikuifunitsitsa, ndipo ndidikira yankho lanu pofika Lachisanu la sabata yamawa monga munanenera. Kaya zotsatira zikhala zotani, ndingakondwe mutasunga sivi yanga pa ntchito zina za kafukufuku. Ngati n'kotheka, chonde uthengawu ufikenso kwa anzanu aja.

Ine wanu,

Pansi pake anaika dzina lake lonse monga lilili pa satifiketi, ndi nambala imodzi ya foni, yomweyo ya mu sivi.

Onani kutalika kwake. Yonse imakwana pa foni munthu atangotsitsa kamodzi kapena kawiri. Mawu 150 mpaka 200 akwana. Ikapitirira tsamba limodzi, mwayamba kubwereza intavyu. Onaninso kuti inapita kwa mayi woona za olembedwa ntchito, ndi pempho loti aipereke kwa anzake. Imeneyi ndi njira yoyera: palibe amene walemberedwa mseri. Ngati ofunsa anakupatsani okha makadi awo, mukhoza kulembera aliyense, koma musatumize mawu ofanana ndendende kwa onse, poti amakhala ofesi imodzi ndipo amaonetsana.

Panali chiganizo chimodzi chimene tinakangana. Iye analemba kuti ku Chingale sanachedwetsepo fomu ngakhale imodzi. Ndinamufunsa ngati amene ankamuyang'anira angavomereze zimenezo atamuimbira foni. Anakhala chete, kenako anati panali masiku awiri a mvula yamphamvu pamene sanathe kufika pamalo okumanirana paja. Tinachotsa chiganizo chimenecho. Chilichonse cholembedwa m'kalatayi chikhale choti wokuchitirani umboni akhoza kuchivomera osakonzekera.

M'mawa musanadine Send

Werengani mokweza, ngati mukuuza munthu. Pamene lilime lakodwa, chiganizocho n'chachitali kapena si chanu. Yerekezani kalembedwe ka dzina la wolandira ndi ka pa imelo yake, chilembo ndi chilembo, ndipo dzina la ntchito likhale monga linalembedwera pa chilengezo. Ngati munatengera kalata ya mnzanu kapena yanu yakale, fufuzani dzina la bungwe lina lotsalira. Ndinalandirapo kalata yotithokoza ife koma yotchula bungwe la ku Blantyre, ndipo nkhani yake inathera pomwepo. Adiresi yanu ya imelo ikhale ya dzina lanu, osati dzina lachibwana la ku sekondale. Musamatirire mafayilo amene sanapemphe. Ngati anapempha satifiketi kapena kalata ya umboni, itumizeni ngati PDF yooneka bwino, yotchulidwa dzina lanu, osati chithunzi chojambulidwa pa mphasa chala chikuoneka m'mbali.

Akakhala chete, ndiponso akakana

Kalata yothokoza kawirikawiri siyankhidwa, ndipo chete ameneyo satanthauza kanthu. Ofesi zambiri zimapewa kulemberana ndi ofunsidwa chisankho chisanatuluke. Musatumize ina yofunsa ngati yoyamba inafika. Dikirani tsiku limene ananena lidutse, muonjezepo masiku atatu kapena anayi a ntchito, chifukwa mapepala amadikira siginecha ya munthu amene mwina ali ku Lilongwe. Kenako lembani mizere iwiri pa imelo yomwe ija: mukufunsa ngati pali nkhani pa ntchito yakuti, ndipo mukadali okonzeka. Ngati sananene tsiku, dikirani masabata awiri. Funsani kamodzi. Kachiwiri ndi komaliza, patapitanso masabata ena awiri. Kupitirira apo, kapena kumakaima pageti, kumatseka khomo limene munatsegula. Mukakumana ndi mmodzi wa iwo ku tchalitchi, ku mzikiti kapena mu minibasi ya ku Limbe, perekani moni mwaulemu, za ntchito osazitchula pokhapokha ayambe okha.

Mwana wa achemwaliyu yankho linamupeza patatha masabata atatu, ndipo linali lokana. Anabwera kwathu maso ali ofiira. Ndinamusiya alire, mayi a kunyumba anamupatsa tiyi, ndipo m'mawa mwake ndinamuuza kuti pali kalata inanso yoti alembe, yaifupi kuposa yoyamba. Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Amalume, ndiwathokoze pondikana?" Ndinati inde, chifukwa pa anthu onse amene alandira uthenga wokanawo, mwina ndi iwe wekha amene uyankhe.

Kalata yachiwiriyi inali ya ziganizo zinayi. Anathokoza pomudziwitsa, poti mabungwe ena sadziwitsa n'komwe. Ananena kuti anasangalala kudziwa za ntchito yawo ya ku Chilwa. Anapempha kuti, ngati malamulo awo amalola, amuuze chinthu chimodzi chimene angakonze pa intavyu ina. Anamaliza ndi kunena kuti ndi wokonzeka ngakhale pa ntchito yaifupi yotolera mayankho, ndipo nambala yake siisintha. Munalibe funso loti anasankha yani kapena chifukwa chiyani, munalibenso mawu oonetsa kuti akukayikira chilungamo chawo. Pempho la malangizo lija ena amayankha, ena sayankha. Mumapempha kamodzi n'kusiya.

Mayi aja anayankha mzere umodzi, kuti amene anasankhidwa anali atayang'anirapo gulu kwa zaka zambiri, ndipo sivi yake aisunga. Patapita miyezi inayi, mvula itayamba, anamuimbira foni kuti pali kafukufuku wa masabata asanu ndi limodzi ndipo akufuna wothandiza woyang'anira. Woimbayo anali mnyamata wa manambala uja, amene dzina lake tinaopa kulilemba. Anamufunsa ngati akadali ku Zomba ndiponso ngati angayambe Lolemba, kenako anati abwere ndi jombo ndi chovala cha mvula, poti msewu wa ku Kachulu nthawi imeneyo umakhala matope.